Disiki Yadzaza

Foni ya Tadala inalira nthawi ili 10:40 usiku. Woimbayo anali mlembi wa bungwe lina la aphunzitsi losunga ndi kubwereketsa ndalama ku Zomba. Sisitimu ikukana kutsegula, iye anatero, ndipo mndandanda wa odulidwa ngongole ukufunika 8 koloko m'mawa, poti ndi kutha kwa mwezi.

Pofika 11:30 onse atatu anali atakumana ku ofesi, kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala ku Ginnery Corner. A Banda, eni kampani yosamalira sisitimuyo, anabwera atavala jekete pamwamba pa zogonera. Chisomo, yemwe anali asanathe chaka pantchito, anali atatsegula kale laputopu.

PostgreSQL, detabesi ya sisitimuyo, inali itazima yokha. Mzere womaliza wa logi unkathera ndi mawu akuti `No space left on device`. Tadala analemba `df -h` ndipo pa `/dev/sdb1` panaoneka `100%`. Disiki yonse ya 200 GB inali yodzaza thothotho.

"Ndachipeza chimene chadya malo," anatero Chisomo. "Foda ya `pg_wal` payokha ili ndi 140 GB. Timafayilo ta 16 MB tambirimbiri. Ndingofufuta takaleto basi?"

"Chotsa manja pa kiyibodipo!" A Banda sankakalipa kawirikawiri, moti Chisomo anadzidzimuka. "Iwe, timeneto si zinyalala. Chilichonse chimene detabesi yasintha imayamba yalemba mmenemo. Ukafufuta fayilo yomwe ikufunika podzuka, siidzukanso."

"Si tili ndi bakapu, bwana?"

Tadala anakayang'ana. Anakhala chete kanthawi, kenako anangowatembenuzira laputopu. Bakapu ya usiku uliwonse inkalembedwa pa disiki yomweyo, ndipo mafayilo awiri omaliza anali opanda kanthu. Yabwino yomaliza inali ya Lachiwiri, ndiye kuti ndalama zimene aphunzitsi anasungitsa masiku awiri zinali pa seva yokhayo basi.

A Banda analamula kuti pasakhudzidwe kanthu mpaka zonse atazikopera pa disiki ina. Tadala anatsutsa, akuti nthawi palibe. Iwo anangotulutsa disiki ya USB m'dirowa n'kumupatsa. Kukoperako kunatenga maola atatu ndi theka. Anamwa tiyi wopanda mkaka, Chisomo n'kutsika kukapempha shuga kwa mlonda. Mlembi wa ku Zomba anaimbanso kawiri, ulendo wachiwiri mosapereka n'komwe moni.

Nthawi itangopitirira 3 koloko, vuto linatsala lopeza malo oti detabesi ipumireko. Apa Tadala anakumbukira kuti ext4, dongosolo losungira mafayilo pa disikiyo, imasungira root, akaunti yaikulu ya pa seva, magawo 5 pa 100 alionse a disiki, malo omwe detabesi siloledwa kulembamo.

```
tune2fs -m 1 /dev/sdb1
```

Panapezeka pafupifupi 8 GB. Anaiyatsa, onse maso ali pa logi, mpaka unabwera mzere umene ankaudikira: `database system is ready to accept connections`. Chisomo anaomba m'manja, koma a Banda sanaseke.

"Chadzazitsa n'chiyani? Tikapanda kuchipeza, mawa masana tili pompano."

Tadala analemba funso lake.

```
SELECT slot_name, active FROM pg_replication_slots;
```

Panatuluka mzere umodzi wokha, `seva_limbe`, ndipo pambali pake panali `f`, kutanthauza kuti sikugwira ntchito. Iyi inali seva yachiwiri ija inkatengera zonse za yoyamba, yomwe anaizimitsa mu Malichi posamuka ku Limbe. Ikadali m'katoni pansi pa tebulo la a Banda, pomwe amatsamiritsapo mapazi. Palibe anauza PostgreSQL kuti mnzakeyo sabweranso, choncho miyezi yonseyi inkamusungira fayilo iliyonse mokhulupirika, kudikira kuti adzatenge.

"Nanga chenjezo lija la disiki ikafika pa 80 bwanji silinalire?" anafunsa a Banda.

"Linalira, bwana. Limapita ku imelo ya achimwene aja anasiya ntchito."

A Banda anapukusa mutu osayankha. Tadala anachotsa siloti ija, yomwe inkasungitsa mafayilo a `seva_limbe`, ndi `pg_drop_replication_slot`, n'kulemba `CHECKPOINT`. Atabwereza `df -h`, disiki inali yatsika kufika pa `31%`. Anaikanso malire a mafayilo osungidwa motere pa `max_slot_wal_keep_size`, omwe anayamba kupezeka mu PostgreSQL 13 koma iwo anali asanawagwiritsepo ntchito, ndipo bakapu yatsopano anailozetsa ku disiki ina.

Chisomo anapatsidwa ntchito yofananiza malisiti a masiku awiri aja ndi zimene zinali m'sisitimu. Anamaliza maminibasi a ku Limbe atayamba kale kuitanira, ndipo palibe tambala inasowa.

Nthawi ya 6:15 a Banda anaimbira mlembi uja. Iye anayesa kulowa ali pafoni pomwepo, n'kunena kuti zatheka, koma lipoti likuchedwa kutsegula, ndiye kodi angalikonze isanakwane 8?

A Banda anatseka foni ndi dzanja n'kuyang'ana Tadala, yemwe anali atanyamula kale chikwama.

"Khala pansi kaye, mayi. Chisomo, kagule mandasi."