Pempho kwa Bambo a Chisomo pa Nkhani ya Nyimbo za Usiku

Bambo a Chisomo,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mayi ndi ana onse kunyumbako. Ndaganiza zokulemberani mwakachetechete chifukwa takhala moyandikana mwamtendere kwa nthawi yaitali, ndipo sindikufuna kuti nkhaniyi muimvere kwa anthu ena.

Masabata apitawa nyimbo za pa wailesi yanu zakhala zikumveka kwambiri mpaka cha m'ma 1 koloko usiku, makamaka Lachisanu ndi Loweruka. Popeza zenera la chipinda cha ana layang'anana ndi khonde lanu, mwana wathu wamkazi, amene akukonzekera mayeso a Fomu 4, akulephera kuwerenga ndi kugona, ndipo agogo ake, omwe amadwala kuthamanga kwa magazi, akumadzuka mutu ukuwapweteka.

Sindikunena kuti musamasangalale ndi alendo anu ayi, pakuti pakhomopo ndi panu. Pempho langa ndi lakuti ikakwana 10 koloko muzichepetsako mawu, kapena kulowetsa masipika m'nyumba. Pakakhala mwambo wapadera, monga chinkhoswe, mungotidziwitsa msanga ndipo tidzamvetsa.

Ngati mungakonde kuti tikambirane pamaso, ndidzakhala pakhomo Lamulungu masana tikaweruka kutchalitchi.

Ine mnansi wanu,
Bambo a Tadala