Kakonzedwe ka tebulo lowerengetsera BMI ya odwala a kiliniki ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi

Kwa achemwali a ku ofesi ya makaundula ndi nonse amene mudzathandize kulowetsa manambala mu kompyuta,

M'kaundula wa miyezi 3 yapitayi muli odwala 312, ndipo lipoti likufunika Lachisanu. Tisavutikenso ndi kakyuleta kuwerengetsera mmodzimmodzi. Tipange tebulo limodzi mu Excel loti lizitipatsa BMI ya munthu aliyense ndi gulu lake. Kawerengedwe kake nkophweka: timatenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu nkugawa ndi kutalika kwake m'mamita kochulukitsidwa ndi kutalika komweko. Chondidetsa nkhawa ine ndi china. Kompyuta imawerengetsera chilichonse chimene mwailembera, cholondola kapena cholakwika, ndipo imayankha mosakayika. Choncho zambiri zimene ndalemba pano ndi zothandiza kuti tebulo lizikana kuyankha pamene siliyenera kuyankha.

Tsegulani fayilo yatsopano, tsamba loyamba mulitche Odwala. Mu mzere woyamba lembani mitu iyi kuyambira pa A1 mpaka G1:

```
Nambala | Zaka | Mimba kapena kutupa | Kulemera kg | Kutalika cm | BMI | Gulu
```

Mu kolamu A muzilemba nambala ya wodwala ya m'kaundula basi. Dzina, mudzi kapena foni zisalowemo. Fayilo imayenda msanga kuposa buku, imakopedwa nkutumizidwa kwa anthu ena, ndipo amene akufuna kudziwa mwini nambala angathe kubwera kudzatsegula kaundula. Mukatha kulemba mitu pitani pa View, kenako Freeze Panes, musankhe Freeze Top Row, kuti mituyo izionekabe ngakhale mutatsika kufika mzere wa 300.

Kutalika tizilemba m'masentimita, monga momwe timawerengera pa bolodi loyezera. Wamtali 165 mulembe 165, osati 1.65, ndipo musaonjezere cm kapena kg m'kabokosi. Kusandutsa masentimita kukhala mamita ndi ntchito ya fomula. Pa F2 lembani izi:

```
=IF(COUNT(D2:E2)<2,"",ROUND(D2/(E2/100)^2,1))
```

Mbali yoyambirirayo ikuwerenga ngati mu D2 ndi E2 muli manambala awiri enieni. Akapanda kukwana, kaya chifukwa wodwala sanayezedwe kutalika tsiku limenelo kapena wina walemba 62kg pamodzi ndi zilembo, kabokosi ka BMI kakhala kopanda kanthu. Kabokosi kopanda kanthu nkabwino chifukwa kamakutumani kubwerera ku kaundula. Nambala yabodza siituma munthu kulikonse, imangolowa mu lipoti.

Pa ROUND ndikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa ambiri amaisiya nkungouza kompyuta kuti izionetsa nambala imodzi pambuyo pa kadontho. Zimenezi zimasintha maonekedwe okha, nambala yeniyeni imakhalabe yaitali m'kati. Tengani munthu wa makilogalamu 68 wamtali masentimita 165. BMI yake ndi 24.977. Popanda ROUND, pa sikirini paoneka 25.0 koma gulu lituluka la anthu osafika 25, ndiye dokotala akaona aganiza kuti tebulo lonse nlosokonekera. Tikaika ROUND, nambala imene munthu akuona ndi imene kompyuta ikugwiritsa ntchito zimakhala chimodzimodzi: 25, gulu la onenepa. Zimatsekanso kampata kamene kali m'matchati ambiri, pamene gulu lina limathera pa 24.9 ndipo linzake limayambira pa 25.0, osanena za munthu wa 24.95.

Tsopano malire a magulu. Sindikufuna tiwabise m'kati mwa fomula yaitali imene munthu wina chaka chamawa adzaopa kuikhudza. Tsegulani tsamba lachiwiri, mulitche Malire. Pa A1 lembani Kuyambira, pa B1 Gulu, pa C1 Chiwerengero, ndipo kuyambira mzere wa 2 mpaka wa 6 mudzaze motere:

```
0    | Woonda kwambiri
16   | Woonda
18.5 | Wapakati
25   | Wonenepa
30   | Wonenepa kwambiri
```

Awa ndi malire a bungwe la WHO a anthu akuluakulu: osafika 18.5 ndi wopelewera, kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ali bwino, 25 mpaka 29.9 wanenepa, 30 kupita m'mwamba wanenepa kwambiri. Ndaonjezera malire a 16 dala, chifukwa munthu wamkulu amene BMI yake sikufika 16 waonda moopsa, ndipo woteroyo sitingadikire naye lipoti la Lachisanu. Manambalawa akhale m'ndondomeko, kuyambira yaing'ono kupita yaikulu. Mukawasakaniza, fomula siidandaula, imangopereka gulu lolakwika. Madokotala akadzafuna kugawa onenepa kwambiri patatu, malire ake ndi 30, 35 ndi 40. Mudzaonjezera mizere iwiri ndi kusintha 6 wa mu fomula ili m'munsiyi kukhala 8.

Pa tsamba lomwelo, pa E1 lembani Zaka za wamkulu, pa E2 mulembe 20. Matchati a WHO a BMI molingana ndi msinkhu, amene anatuluka mu 2007, amayambira zaka 5 mpaka 19, nchifukwa chake ndasankha 20. Malangizo a pulogalamu ina akanena kuti wamkulu ayambire zaka 18, mudzasintha kabokosi kamodzi kameneka ndipo tebulo lonse lidzatsatira.

Bwererani ku Odwala, pa G2:

```
=IF(F2="","",IF(COUNT(B2)=0,"Zaka palibe",IF(B2<Malire!$E$2,"Tchati cha ana",IF(C2="INDE","Aonedwe ndi dokotala",VLOOKUP(F2,Malire!$A$2:$B$6,2,TRUE)))))
```

Ikuoneka yaitali, koma ndi mafunso anayi otsatizana. BMI ilipo? Zaka zalembedwa? Munthuyu ndi wamkulu? Ali ndi mimba kapena watupa? Akadutsa onsewa ndiye VLOOKUP imapita ku Malire kukafuna nambala yaikulu kwambiri yosaposa BMI yake, nkubweretsa dzina lili pambali pake. Liwu lomaliza lija, TRUE, ndi limene limailola kuchita zimenezo. Mukalemba FALSE izifuna nambala yofanana ndendende, ndipo pafupifupi mzere uliwonse utuluka #N/A. Zizindikiro za $ nazonso musazisiye. Ndi zimene zimagwira malire kuti asasunthe pamene mukukokera fomula pansi.

Funso la ana ndi la mimba si lokongoletsa ayi. Kiliniki yathu imalandiranso achinyamata odwala shuga, ndipo BMI ya 16.5 kwa mwana wa zaka 10 ndi yabwinobwino, pamene kwa bambo wa zaka 40 ndi kuonda. Mayi woyembekezera sikelo yake imakwera chifukwa cha mwana ndi madzi, ndiye kumulemba kuti wonenepa nkumulakwira. Wotupa miyendo kapena mimba chifukwa cha mtima, impso kapena chiwindi ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri: madzi amamukwezera sikelo, BMI nkuoneka yapakati, pamene thupi lenilenilo latha. Mu kolamu C muzilemba INDE kapena AYI monga momwe namwino analembera m'kaundula. Pamene sanalembe kanthu, kamufunseni, musalote.

Ngati mukugwiritsa ntchito LibreOffice Calc, dzina la tsamba limatsatiridwa ndi kadontho, motere Malire.$E$2, m'malo mwa Malire!$E$2. Pa makompyuta ena fomula imafuna ; pamene ine ndalemba , ndipo manambala amalembedwa 18,5. Fomula ikakanidwa, yambani mwayang'ana zimenezi.

Musanalowetse wodwala ndi mmodzi yemwe, tiike mpanda pa makolamu olembamo. Sankhani kolamu E kuyambira E2 kutsika, pitani pa Data, kenako Data Validation, pa Allow musankhe Decimal, malire ake 100 mpaka 220. Kolamu D muchite chimodzimodzi, 20 mpaka 250. Kolamu C musankhe List nkulemba INDE,AYI. Phindu lake lili apa: wina akaiwala nkulemba 1.65 m'malo mwa 165, BMI ya munthu wa makilogalamu 68 uja imatuluka yoposa 249,000, ndipo tebulo limamuika munthuyo mwakachetechete pa onenepa kwambiri. M'mizere 312 diso likhoza kudumpha zoterezi, makamaka mukamayang'ana kolamu ya Gulu yokha. Dziwani kuti mpandawu umagwira zolemba pa kiyibodi. Zimene mwakopera kuchokera ku fayilo ina nkumata zimadutsa osafunsidwa. Komanso suungagwire sikelo imene yasinthidwa mwangozi nkumaonetsa mapaundi. Munthu wathu wa makilogalamu 68 uja amalemera mapaundi 150, nambala imene mpanda uivomera, ndipo BMI yake ituluka 55.1. Tsiku limene odwala onse akuoneka onenepa modabwitsa, funsani sikelo imene inagwiritsidwa ntchito.

Yesani tebulo ndi anthu ongopeka awa, zaka 40, AYI mu kolamu C. Mafomula a F2 ndi G2 muwakokere pansi pogwira kakona ka kumanja m'munsi mwa kabokosi.

```
42 kg, 165 cm -> 15.4 Woonda kwambiri
50 kg, 170 cm -> 17.3 Woonda
70 kg, 175 cm -> 22.9 Wapakati
68 kg, 165 cm -> 25 Wonenepa
95 kg, 160 cm -> 37.1 Wonenepa kwambiri
```

Kenako sinthani zaka za mmodzi zikhale 12, wina mumulembe INDE, wina mufufute kutalika kwake, wina mufufute zaka, muone ngati tebulo likukana monga tagwirizana. Zonse zikagwirizana, fufutani anthu ongopekawo mu A mpaka E, mukokere mafomula mpaka mzere wa 313, nkuyamba kulowetsa. Muzigwira awiriawiri, wina kuwerenga kaundula mokweza, wina kulemba. Pamene zolemba za m'kaundula sizikuwerengeka, siyani kabokosi kopanda kanthu ndipo nambala ya wodwalayo muilembe pa pepala lapadera.

Chiwerengero cha lipoti chituluka pa tsamba la Malire. Pa C2 lembani izi nkukokera mpaka C6:

```
=COUNTIF(Odwala!$G:$G,B2)
```

Mukaphatikiza manambala asanuwo sakwana 312, ndipo sayenera kukwana. Otsalawo ndi ana, amimba ndi otupa, osowa zaka ndi osayezedwa. Awerengeni ndi Filter pa kolamu G, muwalembe mu lipoti pamzere wawowawo, kuti owerenga adziwe kuti magawo athu tawerengera pa anthu angati.

Kwa anamwino amene muone tebuloli: munthu wa makilogalamu 68 uja akayezedwa atavala nsapato nkupezeka 167, BMI yake imatsika kufika 24.4 ndipo wasintha gulu. Masentimita 2 okha. Nsapato ndi majekete zizivulidwa, zidendene zigunde bolodi, sikelo iyambire pa 0. Gulu limene tebulo lapereka ndi poyambira chabe, silisiyanitsa mnofu ndi mafuta, choncho wodwala asauzidwe za thupi lake potengera kolamu G yokha.

Mukamaliza, fayilo muiike mawu achinsinsi kudzera pa File, Info, Protect Workbook, Encrypt with Password, ndipo isungidwe pa kompyuta ya mu ofesi yokha, osati pa foni ya munthu. Manambala a odwala onse amene atuluke Woonda kwambiri mundibweretsere tsiku lomwelo, kuti tiwafufuze nkuwaitana sabata ino.

Ine mnzanu,
Namwino woyang'anira kiliniki