Ndinasemphanitsa matumba a feteleza wopita ku Madisi

Kanengo, Lilongwe
Lachiwiri, 2 Disembala 2025

Mayi Chirwa,

Ndalemba kuti ndikudziwitseni za cholakwika chimene ndachita pa katundu amene tinatumiza ku shopu yathu ya ku Madisi dzulo. A ku Madisi anaitanitsa matumba 40 a NPK ndi matumba 25 a Yuriya. Ine ndinapakiritsa mosemphanitsa: matumba 25 a NPK ndi 40 a Yuriya. Choncho kumeneko feteleza wokulitsa waperewera ndi matumba 15, ndipo wobereketsa wapyola ndi matumba 15. Palibe thumba limene lasowa kapena kung'ambika, koma katunduyo si amene anapempha. Wolakwa ndine, pepani.

Mmene zinachitikira ndi motere. Bambo Mwale a ku Madisi anandiimbira Loweruka masana, tikutseka. Ndinalemba oda yawo pa kapepala kuti "Madisi 40/25", osalemba kuti 40 ndi uti, 25 ndi uti, poganiza kuti ndikumbukira. Lolemba mmawa podzaza chikalata chotumizira katundu, ndinaika 40 pa mzere woyamba ndi 25 pa mzere wachiwiri. Pa chikalata chathu mzere woyamba ndi wa Yuriya, pomwe a Mwale poitanitsa anayamba kutchula NPK. Ndikanawaimbira kuti nditsimikize, sizikanatenga ngakhale mphindi ziwiri. Sindinaimbe.

Anyamata opakira asakhudzidwe ndi nkhaniyi chonde. Iwo anapakira zimene zinali pa chikalata chimene ndinawapatsa. A Gomani pageti anawerenga matumba 65 ndipo chikalata chimati 65, ndiye panalibe choti aimitsire galimoto. Adalaivala nawonso anangonyamula zimene anasayinira. Ku Madisi katundu anafika a Mwale atapita kubanki, ndipo mtsikana wa pakauntala amene analandira anafananitsa matumba ndi chikalata changa, osati ndi oda.

Ndazindikira lero mmawa cha m'ma 8 koloko. Ndimafananitsa khadi la sitoko ndi maoda a sabata ino, ndipo ndinaona kuti NPK watsala wambiri kuposa mmene ndimayembekezera pomwe mulu wa Yuriya watsika kwambiri. Ndinawerenga milu yonse iwiri kawiri, kachiwiriko pamodzi ndi a Gomani. Matumba a pansi akugwirizana ndi khadi, kusonyeza kuti vuto si kuba kapena kuwerenga molakwa. Nditaimbira a Mwale anandiwerengera oda ya m'buku lawo, ndipo mpamene ndinaona pomwe ndinaphonya. Iwo anali atazindikira kale usiku, koma ankaganiza kuti NPK watithera kuno ndipo tangowadzazira ndi Yuriya.

Zikanachitika mu Januwale sindikanada nkhawa kwenikweni, chifukwa nthawi imeneyo aliyense amafuna wobereketsa. Koma pano ndi nthawi yobzala. A Mwale akuti kumeneko mvula yagwa bwino, anthu abzala, ndipo amene akubwera pashopu akufuna wokulitsa, woti athire chimanga chikangomera. Yuriya adzamufuna pakatha masabata atatu kapena anayi. Mlimi amene wayenda ndi njinga kuchokera kumudzi sangabwerere chimanjamanja. Akapeza NPK palibe kwathu, awoloka msewu n'kukagula kwina, ndipo mwina nawo wobereketsa adzakagula komweko.

Mmene zilili pano, a Mwale anali ndi matumba 6 a NPK otsala, kuphatikiza 25 aja anakwana 31. Pofika mmawa uno agulitsapo 7, kwatsala 24. Pa 24 amenewa, matumba 12 ndi a kalabu ina ya alimi imene inalipiriratu ndipo idzatenga Lachisanu. Ogulitsa kwa ena ndi 12 okha basi. Iwo akuti akhoza kufika nawo Lachinayi mmawa, koma mothinana. Ndawapempha kuti matumba a kalabuwo awaike padera asawakhudze, ndipo avomera.

Njira yokonzera imene ndikuiona ndi iyi. Lachinayi pa 4 lole ya matani 7 ikupita ku Kasungu ndi matumba 120, omwe ndi matani 6. Madisi ali pa msewu wa M1 womwewo, ndiye sipafunika kupatuka kapena kuwonjezera mafuta. Tikapakirapo matumba 15 a NPK, ndiye makilogalamu 750, katundu yense akhala makilogalamu 6,750, osapyola mlingo wa galimoto. Ndiwaika kumbuyo kwenikweni kuti akatsike msanga osasuntha a ku Kasungu. Ndafunsa adalaivala, akuti akanyamuka 6 koloko akhala atadutsa pa Mponela ndi kufika pa Madisi shopu ikungotsegulidwa kumene.

Pamene pakufunika mawu anu ndi pa Yuriya wapyolayo. Lole yomweyo ikhoza kumutenga pobwerera madzulo, mabuku a mbali zonse n'kubwerera mmene anayenera kukhalira. Kapena akhoza kutsala ku Madisi ngati gawo la oda yawo ikubwerayi. Ine ndikanakonda atsale. A Mwale akuti malo ouma pa mapaleti alipo, ndipo adzamuitanitsa ndithu mwezi uno usanathe. Kumubweza kuno n'kudzamutumizanso ndi kungotopetsa anyamata, komanso Yuriya sachedwa kukoka chinyezi n'kuumbika thumba likangobooka, ndipo ino ndi nyengo ya mvula. Kuno tatsala ndi Yuriya wokwanira maoda onse amene ndili nawo a sabata ino ndi yamawa. Komabe akatsala, katundu wa pa akaunti ya Madisi akwera ndi matumba 15, ndipo chimenecho si choti ndingagamule ndekha.

Za mapepala, sindinafufute kapena kusintha chilichonse. Chikalata cha dzulo chikunena zoona pa zimene zinatuluka pageti, ndiye ndachisiya mmene chilili, ndangomatapo kapepala kofotokoza kuti chikusiyana ndi oda. Mukavomereza, ndilemba chikalata chatsopano cha matumba 15 a NPK, ndipo ngati Yuriya abwerere ndilembanso china chobwezera katundu. A Nkhoma a ku akaunti sindinawauze chifukwa ndimafuna muyambe mwamva inu. Ayenera kudziwa asanatseke mabuku a sabata, poti mitengo ya mitundu iwiriyi ndi yosiyana ndipo ndalama imene alembera Madisi siigwirizana ndi oda. Ndikhoza kukawafotokozera ndekha lero lomwe.

Kuyambira lero oda ya pafoni ndizilemba m'buku la maoda nthawi yomweyo, dzina la feteleza ndi nambala yake pambali, kenako ndizimuwerengera woitanitsayo asanadule foni. Ndayamba ndi oda ya Kasungu: ndawaimbira mmawa uno ndipo zonse zikugwirizana. Ndapendanso zikalata zina zitatu zimene ndinalemba dzulo, zili bwino. Ndikuganizanso zopempha mashopu kuti oda azitsatiza ndi uthenga wolemba pafoni kuti pazikhala poonera, koma zimenezo tikhoza kukambirana mukapeza mpata.

Tipakira lole ya Kasungu mawa masana ikatha nthawi ya nkhomaliro, ndiye ndikupempha yankho lanu pofika 12 koloko mawa pa zinthu ziwirizi: ngati ndiwonjezere matumba 15 a NPK, komanso ngati Yuriya atsale kapena abwere. Mukafuna tikambirane pamaso, ndili ku nyumba ya katundu tsiku lonse, ndipo khadi la sitoko, chikalata cha dzulo ndi kapepala kaja ka "40/25" ndazisunga pamodzi kuti muzione.

Ine wanu pantchito,
Yamikani Phiri
Wosunga katundu