Phunziro lachitatu: Zipinda zinayi za mtima ndi mavalavu ake

Werengani izi musanabwere ku phunziro la Lachinayi, pomwe tidzamvetsere kugunda kwa mtima ndi sitetosikopu.

Mtima uli ndi zipinda zinayi. Ziwiri zam'mwamba ndi maatiriyamu, zolandira magazi. Ziwiri zam'munsi ndi maventiriko, zopopa magaziwo kuti atuluke. Pakati pali khoma lotchedwa sepitamu, ndipo mwa munthu wamkulu wathanzi magazi a mbali ziwirizi sasakanikirana. Tikati kumanja kapena kumanzere, tikunena za wodwalayo, osati inu amene mukumuyang'ana. Pa chithunzi cha m'buku, mtima wakumanja umaoneka kudzanja lanu lamanzere, ndipo ambiri amataya malikisi pamenepa.

Magazi amene asiya okosijeni m'thupi amabwerera kudzera m'mitsempha ikuluikulu iwiri yotchedwa vena kava, wam'mwamba ndi wam'munsi, n'kulowa mu atiriyamu yakumanja. Kuchoka apo amadutsa valavu ya tirikasipidi, ya timapiko titatu, kulowa mu ventiriko yakumanja. Iyi imawakankhira pa valavu ya palumonale kupita kumapapo, komwe amataya kaboni dayokisaidi n'kutenga okosijeni. Amabwerera ndi mitsempha inayi kulowa mu atiriyamu yakumanzere, n'kudutsa valavu ya maitiro, yokhayo ya timapiko tiwiri, kutsikira mu ventiriko yakumanzere. Kenaka amatuluka pa valavu ya ayota kulowa mu ayota, mtsempha waukulu wopititsa magazi m'thupi lonse. Kuti magazi amazungulira chonchi, William Harvey anafotokoza kale mu 1628.

Njirayi muiloweze, koma chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi chakuti valavu siidzitsegula yokha, ndipo palibe mtsempha wa ubongo umene umailamula. Ili ngati chitseko chotsegukira mbali imodzi chimene mphepo imakankha. Mphamvu ya magazi ikakhala yaikulu kumbuyo kwake kuposa kutsogolo, imatseguka. Ikakula kutsogolo, imatsekeka. Mukagwira mfundo imeneyi, mutha kudziwerengera nokha zochitika mumtima pa kugunda kulikonse.

Tiyese ndi ventiriko yakumanzere. Ikamasuka, nthawi imene timaitcha dayasitole, mphamvu yake imatsika kufupi ndi ziro, maitiro imatseguka ndipo magazi amangoyenderera kulowa. Ambiri mwa magaziwo amalowa atiriyamu isanafinyike n'komwe, iyo imangowonjezera pang'ono kumapeto. Ventiriko ikayamba kufinyika, yomwe ndi sisitole, mphamvu yake imaposa ya mu atiriyamu ndipo maitiro imatsekeka. Kwa kamphindi kochepa mavalavu onse awiri, ya maitiro ndi ya ayota, amakhala otseka, mphamvu ikukwera koma magazi osatuluka. Ikapyola ya mu ayota, pafupifupi mamilimita 80 a mekyule, valavu ya ayota imatseguka ndipo magazi okwana mamililita pafupifupi 70 amatuluka. Ventiriko ikamasukanso, magazi a mu ayota amafuna kubwerera, koma amadzaza timatumba titatu ta valavuyo n'kuitseka. Zonsezi zimatenga masekondi 0.8 pamene mtima ukugunda ka 75 pa mphindi, ndipo mukachulukitsa mamililita 70 ndi 75 mupeza malita pafupifupi 5 pa mphindi.

Kumanja zimachitika chimodzimodzi pa nthawi yomweyo, magazi otuluka ndi ofanana kuchuluka, koma mphamvu ndi yochepa. Ventiriko yakumanja imafika mamilimita pafupifupi 25 a mekyule, yakumanzere 120, chifukwa mapapo ali pafupi ndipo mitsempha yake siilimbana kwambiri ndi magazi. N'chifukwa chake khoma la ventiriko yakumanzere ndi lochindikala pafupifupi katatu.

Nanga mphamvu yonseyo bwanji siipindira maitiro m'mwamba mu atiriyamu? Timapiko ta maitiro ndi tirikasipidi tamangidwa ndi tizingwe tolimba ku timinofu ta papilale, tomera pakhoma la ventiriko. Timinofuti timafinyika limodzi ndi ventiriko n'kukoka tizingweto. Ntchito yake ndi kugwira timapiko kuti tisatembenuke, osati kutsegula valavu monga ena amalembera pa mayeso. Mavalavu a ayota ndi palumonale alibe tizingwe.

Lachinayi mudzamva phokoso lapawiri. Loyamba limabwera maitiro ndi tirikasipidi zikatsekeka, lachiwiri ayota ndi palumonale zikatsekeka. Pakati pa loyamba ndi lachiwiri ndiye sisitole. Valavu ikaphinjika kapena ikamadontha, magazi amavunduka ndipo pamamveka kufwenthera. Matenda a rumatiki, otsatira zilonda zapakhosi za bakiteriya wa sitirepitokokasi, amakonda kuwononga maitiro. Ikaphinjika, magazi amadikha mu atiriyamu yakumanzere, mphamvu imabwerera kumapapo, ndipo wodwala amapuma mobanika.

Funso loti mubwere mutayankha papepala: ngati mbali yakumanja ikulephera kupopa, magazi adzadikha kuti, ndipo mudzaona chiyani pakhosi, pachiwindi ndi m'miyendo ya wodwalayo?