Lachinayi pa 23 Okutobala ana aweruka 10 koloko m'mawa

Makolo athu okondedwa,

Lachinayi likudzali, pa 23 Okutobala, ana adzaweruka 10 koloko m'mawa, osati 12 koloko monga mwa masiku onse. Kusinthaku ndi kwa tsiku limodzi lokha. Nthawi yobwera nawo m'mawa sinasinthe, geti lidzatsegulidwa 7 koloko, ndipo Lachisanu adzaweruka 12 koloko ngati kale.

Alezi athu aitanidwa ku maphunziro a kasamalidwe ka ana ku boma ku Chikwawa, omwe adzayamba 1 koloko masana. Nonse mukudziwa kuti minibasi ya pa Nchalo pano sinyamuka isanadzaze, choncho ayenera kufika pa siteji nthawi ikadalipo. Phala ana adzamwa ndithu, talipititsa 9 koloko.

Nkhawa yathu ili pa ana amene satengedwa ndi makolo awo. Ngati mwana wanu amatengedwa ndi wakabaza, muuzeni lero ndipo mumukumbutsenso Lachinayi m'mawa, chifukwa iye anazolowera 12 koloko, ndipo 10 koloko akhoza kukhala ali kutali ndi kasitomala wina. Amene mumatuma akulu awo a ku pulayimale, dziwani kuti nthawi imeneyo adzakhala akadali m'kalasi, ndiye pezani wina wamkulu. Chimodzimodzi inu ogwira ntchito ya mashifiti ku minda ya nzimbe ndi inu a geni mumsika: konzanitu ndi aneba kapena achibale. Agogo ambiri alibe foni ya WhatsApp, chonde auzeni pakamwa. Ife tidzaikanso kapepala m'chikwama cha mwana aliyense Lachiwiri.

Tikupempha kuti pofika Lachitatu 12 koloko masana mukhale mutayankha uthenga uno ndi dzina la mwana komanso dzina la munthu amene adzamutenge. Kungoika chala chakumwamba sikutithandiza, sitidziwa kuti tidzapereke mwana kwa ndani. Amene sadzayankha tidzawaimbira Lachitatu madzulo. Mwana sitidzamupereka kwa munthu yemwe simunatiuze, ngakhale mwanayo atamuthamangira ndi kumukumbatira.

Ine sindipita nawo ku Chikwawa. Ndidzatsala ndi mayi wophika phala mpaka mwana womaliza atatengedwa, ndipo ana adzadikira m'kalasi la ana okulirapo, osati pageti, poti dzuwa la mwezi uno silisewera. Komabe anthu awiri sitingasamale ana ambiri kwa nthawi yaitali, choncho yesetsani kufika isanakwane 10:30. Mukaona kuti muchedwa, imbani kapena fulashani pa nambala yomwe ino, ndidzakuimbirani. Musaiwale kuwaikira botolo la madzi akumwa.

Ngati 10 koloko ndi yosatheka kwa inu, ndipezeni ku ofesi mawa pobwera ndi mwana kuti tione chochita.

Zikomo kwambiri,
Mphunzitsi wamkulu