Pempho lowonjezera masiku operekera chaputala chachinayi chifukwa cha matenda

Mangochi, Lolemba pa 10 Malichi 2025

A Pulofesa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse kunyumba. Kuno ine ndayamba kupezako bwino, ngakhale mphamvu sizinabwerere zonse.

Ndalemba kalatayi kudzapempha kuti mundiwonjezereko masabata atatu pa tsiku loperekera chaputala chachinayi, chija cha zotsatira za kafukufuku wanga wa makomiti oyang'anira usodzi pa nyanja ya Malombe. Tinagwirizana kuti ndidzakutumizireni Lachisanu likubwerali, pa 14 Malichi. Ndikupempha kuti, ngati n'kotheka, tsikulo lisunthire pa Lachisanu, 4 Epulo. Chifukwa chake n'chakuti ndinadwala malungo aakulu mpaka kugonekedwa m'chipatala, ndipo ntchito yonse inangoima pomwe ndinaisiyira.

Matendawa anandiyamba Lolemba pa 24 Febuluwale, nditangobwera kumene kuchokera kumadooko a mbali ya kwa Chimwala. Mutu unkawawa kwambiri, thupi lonse likuphwanya. M'mawa mwake ndinapita ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu, anandibaya pachala n'kupeza kuti ndi malungo, ndipo anandipatsa LA. Vuto linali loti mankhwalawo sankakhazikika m'mimba. Ndikangomwa, pasanathe nthawi ndinkasanza. Pofika Lachitatu usiku ndinali ndikunjenjemera, thupi lili moto, moti achimwene anachita kugogoda kwa aneba kupempha galimoto kuti andithamangitsire ku chipatala chachikulu cha pa boma. Za usiku umenewo ndikukumbukapo zochepa. Mayi ndi amene anandiuza pambuyo pake kuti ndinkabwebweta, ati kutchula manambala a mafunso anga ngati ndili padooko. Iwo anaseka pondiuza, koma ndinaona kuti tsikulo anali ndi mantha.

Kuchipatalako anandiika madilipu ndi kundibaya jakisoni wa malungo aakulu wodzera mumtsempha, uja amabaya katatu pa tsiku loyamba lathunthu kenako kamodzi patsiku. Nditayamba kudya ndi kumwa osasanza anandibwezera pa mapiritsi a LA, omwe amamwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu, ndipo ananditulutsa Loweruka pa 1 Malichi. Malungowo anatha, koma atandiyeza anapeza kuti magazi achepa kwambiri. Anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi, anandilamula kuti ndipume masabata awiri osayenda mtunda wautali, ndipo ndidzabwererenso Lolemba pa 17 Malichi kuti akaone ngati magazi akwera. Kalata ya adokotala ndi masamba a m'buku langa lakuchipatala ndawajambula ndipo ndawaphatikiza ku imelo ino. Ngati ku ofesi ya maphunziro apamwamba angafune mapepala enieniwo, achimwene akhoza kubwera nawo.

Sabata yathayi ndinayesa kubwerera pa laputopu. Ndikakhala theka la ola, zilembo zimayamba kusakanikirana, mutu n'kuyamba kulemera, ndiye ndimangotseka n'kukagona. Kuchoka m'nyumba kupita kubafa kokha mtima umagunda kwambiri ndipo ndimafunika kukhala kaye pansi. Dzulo ndi lero zasinthako, ndatha kuwerenga pafupifupi maola awiri mopumira, ndiye ndikuona kuti njira ilipo. Koma kunena kuti pofika Lachisanu ndikhala nditamaliza kungakhale kukunamizani.

Ndifotokoze pomwe ntchito ili, kuti muone ngati masiku amene ndapemphawo ali oyenera.

Mafunso a pabanja ndi pabanja, onse 120, ndinamaliza kufunsa matenda asanandigwire, ndipo mayankho ake ndinawalowetsa kale mu Excel. Mu SPSS ndapangamo matebulo a gawo loyamba, lofotokoza anthu amene ndinacheza nawo: zaka zawo, maphunziro, ngati ali eni maukonde kapena alovi ongolembedwa ntchito, ndi mtundu wa zida zomwe amagwiritsa ntchito. Gawo limeneli lalembedwa, ndi masamba khumi ndi limodzi, ndipo ndalitumiza pamodzi ndi kalatayi kuti mukapeza mpata muyambe kuliona. Gawo lachiwiri, la momwe asodzi amaonera malamulo, makamaka nyengo yotseka nyanja ndi kukula kwa maso a maukonde, matebulo ake alipo koma mawu ofotokozera sindinalembe.

Gawo lachitatu ndi limene likundidetsa nkhawa, ndipo ndi limene ine ndimaliona kuti ndiye mtima wa chaputala chonse. Monga mukudziwa, Malombe ndi kumtunda kwa Shire ndi kumene boma linayambira, mu 1993, kuyendetsa usodzi mogwirizana ndi anthu a m'midzi, chambo chitachepa kwambiri m'nyanjamo, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linadzatsegula njira yoti anthu wamba azitenga nawo mbali mwalamulo. Zaka zoposa makumi atatu zapita tsopano, koma msodzi wa pa Malombe lero amadalira kambuzi wa mu nkacha, chambo n'chosowa. Papepala la mafunso ambiri amayankha mwaulemu kuti komiti ya padooko ikugwira ntchito. Mukakhala nawo pansi pa mtengo, wina akusoka ukonde, wina akutembenuza nsomba pathandala, nkhani imasintha. Amayamba kufunsa kuti komitiyo imayankha kwa ndani, kwa amfumu, kwa a ofesi ya usodzi, kapena kwa iwo amene anaisankha. Amanenanso za kusiyana kwa mwini ukonde ndi mlovi: nyanja ikatsekedwa mwini ukonde ali ndi pena pogwira, pamene mlovi amene amalandira gawo lake tsiku ndi tsiku amangotsala manja lende. Ngati zimenezi sizilowa bwino m'chaputalachi, matebulo okha apereka chithunzi chabwino kuposa momwe zinthu zilili.

Zokambirana za m'magulu zimenezi ndinajambula mawu ake, ndipo zambiri zili m'Chiyao. Ine Chiyao ndimamva, koma akuluakulu a kunyanja akayamba kulankhula mwamikuluwiko ndimatsalira. N'chifukwa chake ndimagwira ndi mnzanga wina, mphunzitsi wa pulayimale wa konkuno, amene timakhala limodzi kumvetsera, iye n'kumamasulira ine ndikulemba. Ntchitoyi ndi yochedwa. Zokambirana za ola limodzi zimatidyera pafupifupi tsiku lonse, chifukwa anthu amalankhulira pamodzi, kwina mphepo ya kunyanja ikuwomba pa foni, kwina ana akulira. Mwa magulu asanu ndi limodzi amene ndinajambula, tamasulira anayi. Mnzangayo pano ali pa kusala kudya kwa mwezi wa Ramazani, ndipo akaweruka kusukulu masana amakhala atatopa, ndiye tagwirizana kuti tizikumana Loweruka ndi Lamlungu m'mawa basi. Sindingamukakamize kuposa apo, poti akundithandiza mwa chifundo chake.

Palinso magulu awiri a amayi oumitsa ndi kugulitsa nsomba, a mbali ya kwa Chowe, omwe ndinayenera kukumana nawo sabata imene ndinali m'chipatala. Munandilangiza mu Januwale kuti chaputalachi chisakhale cha abambo okhaokha, ndipo ndinagwirizana nanu, chifukwa amayiwa ndi amene amadziwa mitengo ndi ngongole zimene zimamanga msodzi kwa wogula. Kuti ndikafike kumeneko ndiyenera kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, kenako ulendo wa njinga yamoto pa msewu wafumbi umene nyengo ino ya mvula uli matope okhaokha. Ulendo wotere sindingauyambe adokotala asanandilole pa 17 paja. Ndalankhula pa foni ndi mlangizi wa usodzi wa deralo ndipo wati akhoza kuwasonkhanitsanso amayiwo pa 19 ndi pa 20 Malichi, m'mawa, chifukwa masana ambiri mwa iwo amakhala akukonza chakudya chomasulira.

Ndiye dongosolo limene ndikuganiza ndi ili. Sabata ino ndilemba gawo lachiwiri pang'onopang'ono ndili pakhomo, popeza silifuna kuyenda. Loweruka ndi Lamlungu timasulire limodzi mwa magulu awiri otsala aja. Sabata yamawa ndikaonana ndi adokotala, ndipo akandilola ndipite kwa Chowe. Zokambirana za amayiwo ndapempha kuti zidzachitike m'Chichewa momwe zingathekere, kuti ndidzazilembe ndekha osadikira womasulira. Pofika pa 28 Malichi ndikufuna kukutumizirani gawo lachiwiri ndi zolemba zoyambirira za gawo lachitatu, kuti ngati ndasokera penapake mundibweze msanga. Sabata yomaliza ikhale yolumikiza zonse, kukonza matebulo ndi kuwerenganso. Masiku a Idi agwera kumapeto kwenikweni kwa mwezi uno, ndipo kuno nthawi imeneyo simungapeze munthu woti mucheze naye za ntchito, n'chifukwa chake ndikufuna zonse zofuna anthu ena zithe isanafike.

Ndikudziwa kuti kusuntha kumeneku kukhudza inunso. Muli ndi ophunzira ena amene mukuwayang'anira, muli ndi makalasi, ndipo mwina munali mutapatula kale nthawi yowerengera chaputalachi mkati mwa Malichi. Ndikudziwanso kuti chaputala chachisanu tinachiika pa 25 Epulo. Tsiku limenelo sindikupempha kuti lisinthe. Mfundo zambiri za chaputala chachisanu zikutuluka kale pamene ndikumasulira zokambiranazi, ndipo ndakhala ndikuzilemba m'kope padera, ndiye ndikukhulupirira kuti ndidzakwanitsa. Ngati mukuona kuti masabata atatu ndi ochuluka malinga ndi kalendala ya dipatimenti, ndikhoza kupereka chaputalachi pa 28 Malichi popanda magulu a amayi aja, n'kudzawaonjezera pambuyo pake. Kunena zoona njira imeneyi sindikuikonda, chifukwa mudzawerenga chinthu chimodzi kawiri, koma ndidzatsatira zomwe inu mungaone kuti n'zabwino.

Ndifunsenso chinthu chimodzi: kodi pali fomu imene ndiyenera kulemba ku dipatimenti kapena ku ofesi ya maphunziro apamwamba pa nkhani ngati iyi, kapena chilolezo chanu n'chokwanira? Ngati ilipo, chonde ndiuzeni kuti ndiilembe sabata yomwe ino. Aphunzitsi anga achiwiri ndawatumiziranso kalata yomweyi kuti akhale akudziwa.

Kuno netiweki imavuta mvula ikamagwa, ndipo magetsi akazima laputopu yanga sichedwa kutha moto, choncho ndikachedwa kuyankha imelo mukhoza kundipeza pa WhatsApp pa nambala yanga yomwe ija. Ngati mungakonde kuti tikambirane pa foni, nthawi yam'mawa ndi imene ndimakhala ndili ndi mphamvu.

Zikomo kwambiri chifukwa cha kuleza mtima kwanu ndi malangizo amene mwakhala mukundipatsa chiyambireni kafukufukuyu. Ndidikira kumva kuchokera kwa inu.

Ine wophunzira wanu,
Tiyamike