Ndi angati amene sali mu gulu lililonse? Ntchito ya kalabu ya masamu

Ophunzira nonse a Fomu 3 ndi Fomu 4 a mu kalabu yathu, nayi ntchito ya sabata ino. Khalani ndi pensulo ndi pepala lalikulu, chifukwa masamu awa amafuna kujambula. Amene angawawerengere m'mutu mokha agwa pa funso loyamba lomwe.

Funso loyamba. M'kalasi muli ophunzira 60. Atafunsidwa za masewero, 34 anati amasewera mpira wa miyendo, 25 anati amasewera mpira wa manja, ndipo 11 anati amasewera zonse ziwiri. Ndi angati amene sasewera mpira uliwonse?

Ambiri amathamangira kuphatikiza 34 ndi 25, kupeza 59, kenaka n'kuchotsera pa 60, n'kunena kuti ndi mmodzi yekha. Yankholo ndi lolakwika, ndipo ndikufuna muone bwino pamene palakwika. Tangoganizani mtsikana amene amasewera zonse ziwiri. Aphunzitsi atati "a mpira wa miyendo kwezani manja", iye anakweza. Atati "a mpira wa manja kwezani manja", anakwezanso. Munthu ndi mmodzi, koma mu 59 muja alimo kawiri. Anthu otere alipo 11, choncho 59 akuwerenga manja okwezedwa, pamene ife tikufuna anthu.

Jambulani bokosi lalikulu. Bokosilo ndi kalasi yonse, anthu 60, ndipo lembani 60 pakona pake. M'kati mwake jambulani mikombero iwiri yolowana, ngati malichero awiri osanjikizana m'mbali. Wakumanzere ndi wa mpira wa miyendo, wakumanja wa mpira wa manja. Tsopano muli ndi malo anayi: pamene mikombero yalowana, mbali yotsala ya kumanzere, mbali yotsala ya kumanja, ndi kunja kwa mikombero koma m'kati mwa bokosi. Wophunzira aliyense ali ndi malo amodzi okha mwa anayiwa. Amene tikuwafuna ali kunja kuja, ndiye chifukwa chake bokosi silisiyidwa. Wojambula mikombero yokha alibe powaika anthu amenewa, ndipo amawaiwala.

Yambani pakati. Lembani 11 pamene mikombero yalowana. Mkombero wonse wa mpira wa miyendo uyenera kukhala ndi 34, koma 11 alowa kale, ndiye otsala ndi 34 − 11 = 23. Wa mpira wa manja watsala ndi 25 − 11 = 14. Osewera onse ndi 23 + 11 + 14 = 48. Osasewera ndi 60 − 48 = 12. Onani kutalikirana kwake: kuthamanga kunatipatsa 1, pamene yankho ndi 12.

M'mabuku a masamu komanso pa mayeso a MSCE, chithunzi chimenechi chimatchedwa ndi dzina la John Venn, mphunzitsi wa ku Cambridge ku Mangalande, amene anachifotokoza m'chaka cha 1880. Iye sanali woyamba kugwiritsa ntchito mikombero pa maganizo otere, chifukwa Leonhard Euler anali atachita zofananako zaka zoposa 100 m'mbuyomo. Chimene Venn analimbikira ndi chakuti malo onse otheka ajambulidwe, ngakhale amene angapezeke opanda munthu. Zimene tachita pamwambapa zimalembedwa mwachidule motere:

n(A ∪ B) = n(A) + n(B) − n(A ∩ B)

Kunena kwake, phatikizani magulu awiriwo, chotserani kamodzi amene awerengedwa kawiri. Pa funso lathu ndi 34 + 25 − 11 = 48. Njira yachiduleyi ndi yabwino, koma ine ndimakonda muyambe mwajambula, chifukwa chithunzi chimayankhanso mafunso ena amene mungafunsidwe, monga "ndi angati amasewera mpira wa manja wokha?" Yankho lili kale pa pepala: 14.

Funso lachiwiri tidutsepo mwachangu. M'mudzi wa mabanja 80, mabanja 52 amaweta mbuzi, 47 amaweta nkhuku, ndipo 30 amaweta zonse. Apa 52 + 47 = 99, kuposa mudzi wonse. Musadabwe, palibe cholakwika ndi funsoli, kuwerenga kawiri kuja ndi kumene kwaonekera poyera. Pakati 30, mbuzi zokha 22, nkhuku zokha 17, onse pamodzi 69. Mabanja opanda mbuzi kapena nkhuku ndi 11.

Tsopano funso la magulu atatu, ndipo apa tikhalitsapo. Mlangizi wa zaulimi wafunsa alimi 120 a m'kalabu za mbewu zimene anabzala kupatula chimanga. Mtedza anabzala alimi 58, soya 46, nandolo 39. Amene anabzala mtedza ndi soya ndi 20, mtedza ndi nandolo 17, soya ndi nandolo 14. Alimi 8 anabzala zonse zitatu. Mlangiziyo akufuna kudziwa amene sanabzale iliyonse mwa mbewuzi, kuti ayambe ndi iwo powayendera.

Jambulani mikombero itatu, iwiri pamwamba, umodzi pansi, ndipo uliwonse ulowane ndi inzake iwiri, pakatikati pakhale kamalo kamene yonse itatu yakumana. Malo tsopano ndi asanu ndi atatu pamodzi ndi kunja. Pakatikati lembani 8.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Funso lati alimi 20 anabzala mtedza ndi soya. Silinanene kuti anabzala ziwirizi zokha. Mlimi wobzala zonse zitatu nayenso anabzala mtedza ndi soya, ndiye ali m'gulu la 20 lija. Choncho pamalo a mtedza ndi soya popanda nandolo tilembapo 20 − 8 = 12. Pa mtedza ndi nandolo, 17 − 8 = 9. Pa soya ndi nandolo, 14 − 8 = 6.

Kenaka tituluke kupita kumbali. Mu mkombero wa mtedza mwalowa kale 12, 9 ndi 8, amene ndi 29, ndiye a mtedza wokha ndi 58 − 29 = 29. Mu wa soya mwalowa 12, 6 ndi 8, kutsala 46 − 26 = 20. Mu wa nandolo mwalowa 9, 6 ndi 8, kutsala 39 − 23 = 16. Phatikizani manambala asanu ndi awiri onse: 29 + 20 + 16 + 12 + 9 + 6 + 8 = 100. Alimi amene mlangizi ayambe nawo ndi 120 − 100 = 20.

Njira yachidule ya magulu atatu imaoneka yachilendo, chifukwa kumapeto imaphatikizanso m'malo mochotsera:

58 + 46 + 39 − 20 − 17 − 14 + 8 = 100

Bwanji 8 akubwereranso? Tsatirani mlimi mmodzi wobzala zonse zitatu. Pophatikiza 58, 46 ndi 39, tamuwerenga katatu. Pochotsera 20, 17 ndi 14, tamuchotsanso katatu, poti ali m'magulu onsewo. Wasowa ndithu, pamene munthuyo alipo ndipo munda wake ndi wodzaza kuposa wa aliyense. Tiyenera kumubwezera kamodzi. Mukamvetsa zimenezi, simudzafunikanso kuloweza pamtima pamene pali chizindikiro chophatikiza ndi pamene pali chochotsera.

Werengani mawu a funso mosamala kwambiri, makamaka mawu akuti "okha", "zokha" ndi "basi". Funso likadati alimi 20 anabzala mtedza ndi soya basi, 20 ameneyo tikadamulemba momwemo osachotserapo 8, ndipo yankho lonse likadasintha. Pa mayeso mafunsowa amabwera m'Chingerezi, koma msampha wake ndi womwewu, ndiye lembani mzere kunsi kwa mawu otere musanajambule kanthu.

Nthawi zina funso limabwera chobwerera. Amayi ogulitsa ndiwo pamsika anawerenga makasitomala 50. Mwa iwo 31 anagula tomato, 24 anagula anyezi, ndipo 9 sanagule chilichonse mwa ziwirizi. Ndi angati anagula zonse? Apa za kunja tapatsidwa, za pakati ndi zimene zikusowa. M'mikombero muli 50 − 9 = 41. Koma 31 + 24 = 55, kupitirira 41 ndi 14. Owonjezerawo ndi aja owerengedwa kawiri, ndiye yankho ndi 14. Yesani ngati zikugwirizana: tomato yekha 17, zonse 14, anyezi yekha 10, kunja 9, pamodzi 50. Chizolowezi chophatikiza malo onse kumapeto musachisiye, sichitenga nthawi ndipo chimagwira zolakwika zambiri.

Chithunzi chomwechi chimathanso kugwira kafukufuku wolakwika. Wina akuuzeni kuti pa msonkhano wa anthu 40, anthu 30 anamwa tiyi, 22 anamwa thobwa, ndipo 10 anamwa zonse. Mukawerengera mupeza 20 + 10 + 12 = 42, kuposa amene anabwera. Kunja kungakhale −2, zimene sizingatheke. Musakakamize yankho. Nenani kuti manambalawo sakugwirizana, ndipo muthanso kuonetsa kuti omwa zonse sangachepere 12, chifukwa 30 + 22 − 40 = 12. Luso limeneli mudzaligwiritsa ntchito ngakhale kunja kwa sukulu, mukadzapatsidwa mndandanda wa maina kuti muwerengere anthu.

Zoti muchite nokha, ndipo funso lililonse likhale ndi chithunzi chake. Mubweretse Lachinayi pa nthawi ya kalabu.

1. Mwa ogulitsa 90 a pamsika wina, onse olankhula Chichewa, 41 amalankhulanso Chitumbuka, 33 Chiyao, ndipo 12 amalankhula zonse ziwiri. Ndi angati amene salankhula Chitumbuka kapena Chiyao?

2. M'dera la mabanja 64, mabanja 37 ali ndi wailesi ndipo 45 ali ndi foni. Mabanja 10 ali ndi wailesi yokha. Ndi angati amene alibe chilichonse mwa ziwirizi?

3. Mwa ophunzira 100, a kwaya ndi 36, a zisudzo 30, a mtsutso 25. A kwaya ndi zisudzo ndi 11, a kwaya ndi mtsutso 7, a zisudzo ndi mtsutso 9, ndipo 4 ali monsemo. Ndi angati amene sali m'gulu lililonse? Nanga amene ali m'gulu limodzi lokha?

Mayankho ali apa kuti mudziyese mukatha: funso 1 ndi 28, funso 2 ndi 9, funso 3 ndi 32 komanso 49. Amene mwapeza zosiyana pa funso 2, bwererani ku mawu akuti "yokha" muone malo amene mwalemba 10. Pochonga ndidzayang'ana chithunzi ndi kuchotsera kwanu, yankho lokha silidzalandira malikisi.